Malipiro a Mwezi Womaliza

Fakitale ya buledi itachepetsa antchito, bambo wa pageti analandira chikalata cha ndalama zake zotsanzikira. Anangochiwerenga kamodzi n'kuseka.

"Kalaliki uja masamu amuvuta. Tiye tikamukonze."

Mkazi wake sanaseke. Dokotala anali atanena kuti opaleshoni ya msana wa bamboyo ndi 3.5 miliyoni, ndipo akachedwa miyendo ifa. Chikalatacho chimati 2.4 miliyoni.

Anakwera masitepe a ku ofesi pang'onopang'ono, bambo atatsamira phewa la mkazi wake. Mkatimo munkanunkha isiti ndi fumbi la mafayilo.

"Mwana wanga," anatero bamboyo kwa kalaliki, "kontirakiti ikuti theka la malipiro a mwezi pa chaka chilichonse chathunthu. Ine ndagwira zaka 20 ndi miyezi isanu ndi iwiri."

"Miyeziyo sitiwerengera, bambo. Zaka 20."

"Chabwino. Theka la 400,000 ndi 200,000. Kuchulukitsa ndi 20, si 4 miliyoni?"

Kalaliki anatembenuza pepala, n'kuloza ndi cholembera mosayang'ana munthu kumaso.

"Apa akuti malipiro a mwezi womaliza. 400,000 munkalandira muli pa uvuni. Chaka chatha anakusamutsirani pageti, mukulandira 240,000. Theka lake 120,000. Kuchulukitsa ndi 20, ndi zimene zalembedwazo."

Amene anakagwadira abwana chaka chatha kuti amusamutsire bamboyo pageti anali mayiyo, atatopa kuona mwamuna wake akukwawa pochoka pa bedi. Abwana anavomera msangamsanga, mpaka anamupatsa mpando ndi tiyi. Iye anatuluka akuwadalitsa. Kutsutsa galu n'kukumba, koma apa anakumba n'kupeza kuti kalaliki sanabe ngakhale khobidi, ndipo chowawa kwambiri chinali chimenecho.

"Ndiye zaka 19 zonyamula matumba a ufa pa uvuni zathera pageti?" anafunsa mayiyo.

"Amayi, ine ndimangotsatira zolembedwa."

Kenako bambo anati, "Abwana andibwezere pa uvuni mwezi umodzi wokha. Womaliza ukhale umenewo."

"Kalata yasainidwa kale, bambo. Komanso msana wanuwo..."

"Msana wanga watani?"

Anatsika masitepe yekha, osagwira khoma, akulumira mano. Pansi lole inali ikutsitsa ufa. Bambo anakankha mnyamata wina wotsitsa ufawo, n'kuwerama, n'kugwira thumba m'makona ngati kale. Abwana anali pa zenera, foni ili kukhutu.

"Inu, siyani! Chonde siyani!" mkazi wake anakuwa.

Thumbalo linanyamuka mpaka m'mawondo, kenako linagwa n'kuphulika. Bambo anatsala chowerama, ufa uli mbuu thupi lonse, akulephera kuwongoka.

Mkazi wake anafika n'kumugwira m'chiuno, misozi ili chuchuchu. Bamboyo ananong'ona osadzutsa mutu.

"Aona kuti ndalinyamula?"

Mayi anayang'ana m'mwamba. Pa zenera panalibe munthu.