Phula la Chaka Chonse

Lyford anasungunula phula la njuchi zake m'kambale koyandama pa madzi otentha, n'kuthiramo mafuta a mpendadzuwa amene anaviikamo masamba ouma a moringa. Anadzaza timabotolo tochepa chabe. Anayamba wadzola yekha mkati mwa mkono, khungu silinayabwe. Timabotolo tinato anapatsa amayi a kwaya ya ku Kasisi, kumene malemu mkazi wake, Rosaria, ankaimba.

Mphwake Fabian, amene ali ndi shopu ku Lusaka, ankaimba foni kawirikawiri.

"Amalume, June yafika, anthu ayamba kutuwa. Pangani ndowa yonse, nizagulitsa."

Ndowa yonse inkafuna phula lonse la chaka chimenecho. Likanawonongeka, ming'oma sikanaperekanso lina mpaka chaka chamawa.

Lamlungu Misa itatha anafunsa amayi aja. Onse anati mafuta ali bwino kwambiri, Mulungu adalitse manja ake. Anamuwonetsa mikono yosalala. Iye anagwedeza mutu, nakankha njinga.

Panjira anaima kwa Mavis, wa mawu a besi amene ankakangana ndi Rosaria pa nyimbo iliyonse. Mavis sanabwere ku Misa chifukwa cha mwendo. Anam'peza akuotha dzuwa pakhonde, kabotolo kali pazenera.

"Ba Lyford, mwabwera kuona ine kapena botolo yanu?"

"Botolo."

"Ninaziba."

Lyford anatsegula kabotoloko. Pamwamba panali timadontho ta madzi ndi chuku chobiriwira m'mbali.

"Munathira madzi?"

"Otentha, pang'ono chabe. Nanga nichite bwanji? Kuseni, dzuwa likalibe kutuluka, ikazizira ni mwala. Chala chinatsala pang'ono kuthyoka."

"Enawo akuti ali bwino."

Mavis anaseka mpaka kugwira bondo lodwalalo.

"Aja? Akokota na supuni, asakaniza na gilisalini m'manja, ndiye azola. Kusalala muona kuja ni gilisalini."

"Sananiuze."

"Angakuuzeni bwanji, imwe ofedwa? Akuti musiyeni, apeze chochita, asamangokhala na njuchi. Rosaria sembe anakuponyerani botolo tsiku loyamba."

Lyford anatseka kabotolo, nakaika m'thumba.

"Zikomo."

Kunyumba anatulutsa phula ndi sikelo ya kukhitchini. Phula linachuluka, n'chifukwa chake mafutawo ankalimba kukazizira. Ndipo aliyense wowafewetsa ndi madzi ankaitana chuku, pakuti munalibe mankhwala oletsa kuwola. Foni inalira.

"Amalume, nitumize galimoto liti?"

"Usatumize."

"Ah, kuzizira kuzasila, June izatha! Si mwati azimayi aikonda?"

"Ikalibe kupsa."

"Ni nyemba kansi?"

Lyford anadula foni. Anayeza phula lochepa kuposa poyamba, mafuta ochulukirapo, zongokwana timabotolo tiwiri. Kamodzi anakaika pansi pa mtsuko wa madzi, pozizira, kena pazenera lowomba dzuwa, kuti aone ngati kadzasungunuke.

Ndiye anakhala pampando n'kuyamba kuganiza za amene angam'patse kuti ayese n'kumuuza zoona. Anadutsa kwaya yonse m'mutu, mzere ndi mzere, sopulano mpaka besi. Anapeza dzina limodzi lokha.