Kuwongola Makoma a Situdiyo Yathu

Amuna anga amajambula, ine ndimakonza zithunzizo pakompyuta. Tsiku lina anandipatsa ziwiri: china cha nyumba ya situdiyo yathu, china cha mtsikana amene sachoka pakamwa pawo masiku ano. Ine ndimamutcha Namiyendo.

"Mayi, mumuike pakhomopo, chikhale chikwangwani chathu," anatero. "Ndayesa ndekha, koma akuoneka ngati wochita kumata."

Akanalekeranji? Iwo anajambula nyumbayo kamera atailozetsa m'mwamba, ndiye makoma ankayandikana kumtunda ngati akunong'onezana miseche. Pansi napo panali popendekeka. Namiyendo yekha ndiye anaima chilili.

"Munthu sitimuika pa nyumba yopendama," ndinawayankha. "Timayamba tawongola."

Ndinatembenuza chithunzicho pang'ono mpaka mzere wa khonde unagona molunjika. Kenako ndinakokera kunja ngodya zakumtunda, makoma n'kuima njo! Ndinachitalikitsako kuti nyumba isaoneke yofupika. M'mbali munatsala mipata yopanda kanthu, ndiye ndinadula.

Nditadula m'pamene ndinaona kuti zenera lakumapeto, pomwe ine ndinasuzumira ndikumwetulira tsiku lojambulalo, lapita ndi zodulazo.

Ndinaluma mano n'kumuika Namiyendo pakhomo, ndi kamthunzi kumapazi kwake. Mwana wa eni anakhazikika ngati ndiye mwini nyumba.

Amuna anga anawerama paphewa panga, maso onse ali pa iye.

"Eee, manja anuwa, mayi! Tsopano zonse zili m'malo mwake. Palibe chasowa."

"Taonetsetsani, bambo. Palibe?"

Anaonetsetsadi, nthawi yaitali ndithu.

"Olo chimodzi."