Uvuni Uli Kunyumba

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anachita lendi kachipinda m'mbali mwa msewu kuti azigulitsiramo mabanzi ndi makeke. Anapakamo penti yoyera, n'kukhoma mashelefu, koma uvuni sunakwanemo. Unatsala kunyumba kwanga, ndipo wophika ndinali ine.

Tili pabenchi ku ofesi ya malaisensi, anandinong'oneza kuti, "Amayi, za kunyumbazo musatchule. Akamva atikaniza, lendi n'kupita pachabe."

"Ndiye tinene kuti mabanzi akumera pashelefu?"

Mpongozi anangokonza kolala ya bulauzi.

Titalowa tinapeza bambo wa dazi atakwiririka m'mafayilo. Mpongozi anayamba ndi moni wautali, mpaka kufunsa za kunyumba kwawo. Ine ndinadula.

"Tikufuna kugulitsa zophikaphika. Pakufunika mapepala anji, ndipo tiyambire pati?"

"Mwafunsa bwino, agogo. Choyamba kalembetseni dzina la bizinesi. Satifiketi yake mubwere nayo kuno pamodzi ndi chiphaso chanu ndi kalata ya mwini nyumba, mudzalembe fomu iyi. Kenako a zaumoyo adzayendera malowo. Akakhutira mudzalipira, laisensi n'kutuluka. Isanatuluke musatsegule."

"Malo ake ati? Ogulitsira kapena ophikira?"

Mpongozi anandiponda phazi.

"Onse awiri," anatero bamboyo. "Bwanji, ndi osiyana?"

"Ndi osiyana. Ndipo mayi a mwana, phazili ndidakalifuna."

Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mukanabisa mukanadzichedwetsa nokha. Woyendera akapeza shopu ya makeke yopanda uvuni, amafunsa komwe akuchokera. Kuphikira kunyumba sikuletsedwa kuno, bola khitchiniyo iyenderedwe. Pakhale madzi aukhondo, posambira m'manja papadera, bini ya chivundikiro. Ufa ukhale pamwamba, osati pansi. Ziweto zisalowemo. Ndipo aliyense wogwira chakudya akayezedwe kuchipatala, abweretse kalata."

"Ngakhale ine? Ndinayamba kuphikira anthu inu musanamere mano."

"Makamaka inu, agogo. Manja okanda ufawo ndi anu."

Ndinaona kuti akunena zoona, ndiye sindinatayenso malovu. Ndinatenga fomu, n'kufunsa ngati pali mzere wolembapo malo achiwiri. Anandilozera ndi cholembera.

Panja mpongozi anali ndwii. "Posambira m'manja papadera tipapeza kuti, amayi? Khitchini ija ndi yothina."

"Pakona paja pali kabati ya mbale zosweka za apongozi anu aamuna. Ituluke. Mwamuna wanu si pulambala? Mapaipi a anthu amakonza tsiku ndi tsiku, a mayi ake amukanike?"

Woyendera atabwera, anali mayi wosalankhulalankhula. Anatsegula mpopi watsopano uja, anasuzumira kuseri kwa uvuni, anayang'ana makalata athu a kuchipatala. Anangodandaula za zenera, kuti tiikepo sefa yotchinga ntchentche. Mwana wanga anakhoma sefayo mayiyo asanamalize kulemba.

Laisensi itatuluka, mpongozi anafuna kukaiika m'felemu yagolide. Ndinamuuza kuti aipachike pakhoma momwemo, abwere adzandithandize kudzoza mafuta mathireyi ophikira.