Buku Limene Anasaina Mayi Sizasi

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga. Ndikuilemba chifukwa ine mawu amandithawa pakamwa, koma papepala amakhala.

Nditamaliza sekondale ndinalowa pa shopu ina yosoka mayunifolomu a alonda ndi a ana asukulu. Ndinalowa ngati wophunzira. Pepala limene ndinasaina linkati ndiphunzira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo panthawiyo ndizilandira alawansi, osati malipiro. Bwana anafotokoza kuti alawansi ndi ya basi ndi sopo chabe, chifukwa wophunzira amawononga nsalu yambiri kuposa imene amasoka. Ndikamaliza, ndikapereke buku langa la maphunziro ku ofesi yoona za luso, ndilembe mayeso, ndipo ndikatenga setifiketi, “tiona.” Mawu akuti “tiona” ankawakonda kwambiri, moti kuseri tinkawatcha a Tionamawa.

Shopuyo inali chipinda chimodzi chachitali, makina asanu ndi awiri otsamira khoma, ndi tebulo lodulira pakati. Patebulopo panali pa Mayi Sizasi. Dzinalo linachokera pa sizasi yaikulu imene ankaimangirira m'chiuno ndi chingwe, ndipo sankabwereka munthu. Anali atagwira pamenepo zaka zisanu ndi zinayi. Makiyi ankasunga ndi iwo. Mlonda akalowa kudzayezetsa, ankangomuyang'ana n'kutchula saizi yake tepi isanamukhudze, n'kumuseka kuti mimbayo yakula kuposa chaka chatha, kodi amalondera geti kapena khitchini. Ine ankanditcha Kachete.

Anandiphunzitsa zonse. Lachisanu lililonse ndinkalemba m'buku zimene ndaphunzira sabata imeneyo, iwo n'kusaina pamzere wa mphunzitsi. Bwana ndi amene anati azisaina iwowo, poti iye sankakhalitsa pashopu. Pofika mwezi wachitatu ndinkasoka malaya khumi ndi awiri patsiku popanda wondiyang'anira, ndipo onse ankagulitsidwa. Alawansi sinasinthe. Inkathera pa basi mwezi usanathe, masiku otsalawo amayi n'kumandipatsa ya m'thumba mwawo. Achimwene anga ankati ndine munthu woyamba pabanja pathu kulipira kuti azigwira ntchito. Ndinkangoseka nawo. Mumtima ndinkati dikirani, tsiku lina ndidzakhala pa malipiro ngati Mayi Sizasi.

Miyezi itakwana ndinapita ndi bukulo ku ofesi ija. Ndinakhala pa benchi m'mawa wonse, buku lili pamiyendo. Kalaliki anali bambo wa magalasi okhuthala. Anatsegula masamba, analemba dzina la wosainayo pa kompyuta, kenako anasiya kulemba. Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso.

Anandifunsa ngati mayi ameneyu ndi amene ankandiphunzitsa. Ndinavomera. Anati bukulo sangalilandire, chifukwa wosaina ayenera kukhala munthu wa setifiketi, wolembedwa ntchito pa malipiro.

“Uyu ndi wophunzira mnzako,” anatero.

Ndinaganiza kuti asokoneza mayina. Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Dzina lawo linalipo, osati kamodzi. Chaka china analembetsedwa ngati wophunzira kusoka, china kudula, china kupeta, china kukonza makina, n'kubwereranso ku kusoka. Kalalikiyo anati kale zinkadutsa chifukwa mafomu ankangounjikidwa m'makabati, chaka chino m'pamene anawalowetsa onse pamodzi mu kompyuta.

Ndinafunsa, ndi mawu amene ndekha sindinawamve bwino, ngati miyezi yanga yapita pachabe. Anati yapita, pokhapokha munthu woyenera atatsimikiza kuti anandiphunzitsa. Kenako anatsitsa mawu. Anati bukulo ndilisunge bwino. Lamulo siliyang'ana dzina limene bwana walemba papepala, limayang'ana ntchito imene munthu akugwira. Munthu amene amatsegula shopu, amadula nsalu za oda ndi kuphunzitsa ena si wophunzira, ndi wantchito, ndipo ayenera malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, tchuthi ndi penshoni. Mayiyo atakadandaula ku ofesi ya zantchito, masiginecha 26 amenewa ndi umboni wakuti iwo ndi amene amaphunzitsa, ndipo akhoza kupatsidwako ndalama zawo zam'mbuyo. Anati ndikawauze.

Ndinabwerera wapansi, sindinakwere basi. Nditalowa ndinapeza Mayi Sizasi akujambula ndi choko pa nsalu yabuluu. Anzanga anali atapita kukadya. Anandifunsa tsiku la mayeso. Ndinawauza kuti buku alikana, ndipo ndinawauza chifukwa chake, maso anga ali pa choko.

Sanadabwe. Chimenecho ndi chimene chinandiopsa kuposa kompyuta ija. Anamaliza mzere umene ankajambula, n'kuimika choko.

“Umaganiza kuti sindikudziwa? Envulopu ya alawansi siinama, Kachete. Munthu wa malipiro amapatsidwa kapepala. Ine zaka zonsezi kapepala sindinakaonepo.”

Anati envulopu yawo ndi yonenepako kuposa yanga, koma siifika pa malipiro a boma. Chaka chilichonse bwana amabwera ndi fomu, amati saina tiona chaka chamawa, iwo amasaina chifukwa ana atatu sadya fomu. Mayeso sanalembepo poti buku lawo bwana sanalisainepo mpaka kumapeto. Ophunzira ena amene anawasainira ankachoka asanamalize, kapena mabuku awo ankadutsa nthawi ya makabati ija. Anapepesa. Munthu wamkulu ngati uja anapepesa kwa ine, anati sankadziwa kuti dzanja lawo lindiwonongera.

Apa m'pamene ndinayenera kunena mawu a kalaliki aja. Anali pakamwa penipeni. Koma ndinaganiza kuti akakadandaula, bwana adziwa kuti nkhani yachokera kwa ine, ndipo palibenso amene adzanditsimikizire miyezi yanga. Mumtima ndinati ndiwauza mawa. Ndinakhala pamakina n'kuyamba kusoka.

Kunyumba ndinanama kuti ofesi yati ndibwerenso. Amayi anangoti zamaofesi ndi choncho, n'kundiikira ya basi pawindo.

Patapita sabata bwana anandiitana m'kaofesi kawo kakumbuyo, mmene mumasungidwa mipukutu ya nsalu. Patebulo panali kalata yochokera ku ofesi ya luso. Inkati shopu iliyonse yolandira ophunzira ikhale ndi mphunzitsi wa setifiketi, wa pa malipiro, wopezeka tsiku lililonse, apo ayi aichotsa m'kaundula. Bwana setifiketi ali nayo, koma tsiku lonse amakhala koyendayenda kusaka maoda. Sanakalipe. Anandiuza kuti ndikhale pampando, ananditchula kuti mwana wanga.

Anatulutsa buku latsopano, loyera. Anati ndikopere zonse za m'buku lakale, iye asaina masabata onse, ndikalembe mayeso. Ndikakhoza andilemba ntchito yeniyeni, ya kapepala. Chimodzi chokha, buku lakalelo ndimusiyire, lisamasokoneze anthu.

Ndinadziwa chifukwa chake ankalifuna. Sindinganame kuti sindinadziwe. Ndinakhala m'kaofesiko maola awiri ndekha ndikukopera, buku lakale lili chotsegula patsogolo panga, foni yanga ili m'thumba la epuloni. Kujambula masambawo kukanatenga mphindi ziwiri. Ndinaiganizira foniyo, ndinaikhudza kumene, koma ndinkangoona ngati chitseko chitseguka. Bwana atabwera anasaina malo onse 26 ndi cholembera chimodzi, akuyankhula pa foni ndi munthu wa mabatani. Buku lakale analiponya m'dirowa n'kukhoma.

Ku ofesi ya luso ndinasankha mzere wa kalaliki wina. Bambo wa magalasi uja anandiona ali patebulo lake, ine ndinayang'ana pansi.

Mayeso ndinakhoza. Anatipatsa malaya a manja aatali kuti tidule ndi kusoka, ndipo woyesa anafunsa amene anandiphunzitsa kudula mosataya nsalu chotero. Ndinati abwana.

Mwezi wotsatira ndinalandira malipiro. Analowa ku banki, ndipo ndinapatsidwa kapepala kosonyeza dzina langa, ndalama zonse, ndi zimene adula za penshoni. Anali malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola, komabe ankaposa envulopu ya Mayi Sizasi. Amayi anakagwira kapepalako ndi manja awiri, anakawerenga kawiri, n'kukaika m'Baibulo. Achimwene anati tsopano azindipatsa moni ataimirira. Ine chakudya chinandikanika, ndinati mutu.

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo, kuti chatsala n'kungozolowera manyazi. Sindinafunse kuti mphunzitsi wa pa malipiro amene kalata ija inkafuna aziphunzitsa ndani.

Lachisanu loyamba la mwezi uno, chakumasana, makina onse akulira, Mayi Sizasi anachoka patebulo lawo n'kubwera pamakina anga. M'manja munali buku latsopano. Analiika pamwamba pa malaya amene ndinkasoka. Pachikuto panali dzina lawo pamzere wa wophunzira, ndipo pamzere wa mphunzitsi bwana anali atalembapo kale dzina langa.

Phazi langa linachoka pachopondera lokha. Anzanga awiri apafupi anasiyanso kusoka.

“Sainani, aphunzitsi,” anatero. Sanali kunyoza. Akananyoza bwenzi zili bwino.

Ndinatsegula. Pa sabata yoyamba analemba ndi zilembo zawo zazikulu zopendekera kuti aphunzira kulowetsa ulusi pa singano ndi kusoka mzere wowongoka.

Ndinati sindingathe. Anati ndikapanda kusaina fomu yawo siyenda, ndipo envulopu ya mwezi uno siituluka. Anandipatsa cholembera chawo. Ndinayang'ana chitseko cha kaofesi kaja, mmene muli dirowa, n'kuyang'ananso bukulo. Mawu a kalaliki ndikadali nawo mpaka lero, onse, mmene anawanenera. Koma kuti ndiwanene ndiyenera kuyamba ndanena kumene buku lakale lija linapita.

Ndinasaina. Siginechayo siifanana ndi yanga.

Anatenga buku n'kulipana kukhwapa. Asanachoke ananyamula malaya aja, anawatembenuza, n'kuyendetsa chala pa kolala.

“Mbali iyi yatalika. Masula ulusi, uyambirenso.”

Ndinatenga kalezala n'kuyamba kumasula.