Kalata ya Umboni ya Apongozi Anga a Gordon

Munthu wa zaka makumi anayi, imvi zayamba kale kumakutu, ndiye adzuke tsiku lina ati choko chamukola. Ndiwo apongozi anga amenewo, a Gordon Ng'uni, amene anakwatira mwana wanga Damaris, amake Lena. Anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zisanu zomaliza anali hedi pasukulu ya mishoni kwathu kuno ku Tembwe. Ine ndinali kukhala pafupi, kuseri kwa mitengo ya mango, kotero kuti mphika ukagwa kwao ndinali kuumva.

Nkhaniyi ndinaimva kwa Damaris tikupuntha mpunga, mvula itangoleka, chaka cha 1956.

"Amama, a wisi Lena afuna kusiya sukulu. Analemba kalata kumigodi, manje yankho labwera."

"Akakumbe miyala ndi manja aja? Khasu lenilenilo limawatupitsa matuza."

"Sikukumba iyayi. Ni mu ofesi ya anthu a nchito, ija amati kwa Changachanga. Ayamba kutenga anthu akuda ophunzira kuti azithandiza mzungu. Munthu akafuna nchito amayamba pamenepo. Akafuna nyumba mukomboni, akafuna livi, akakangana ndi kapitao, zonse pamenepo. Aliyense ali ndi khadi lake."

"Ndiye kuti akalipidwa chifukwa chomvera milandu ya eni? Nchito imeneyo ine ndaigwira ulele moyo wanga wonse."

Damaris anaseka, koma ine ndinaleka kupuntha. Amuna anga, atate ake a Damaris yemweyo, anapita kumigodi mwanayo ali ndi zaka khumi. Anatumiza bulangete kamodzi, basi, anatchona. Makalata atatu ndinalembetsa, onse anagwa m'madzi. Manje migodi yomweyo inali kufuna mwana wanga ndi adzukulu anga asanu.

Koma a Gordon si munthu wothamanga. Zonse anazikonza ngati mizere ya munda wa sukulu. Notisi sadzapereka mpaka atalandiridwa, chifukwa mphunzitsi amachenjeza temu yathunthu, ndipo ukachenjeza nkulephera uko, wasowa kokhala. Kukaonekera adzapita pa holide ya Juni. Chovuta chinali chimodzi. A kumgodi anati, tamva kuti mudziwa Chizungu, Chisenga, Chitumbuka ndi Chinyanja, zabwino, Chibemba mudzaphunzira. Koma mwakulira pa ana. Bwerani ndi kalata ya umboni yochokera kwa akulu anu, yonena ngati mungathe kugwira anthu a ndevu. Popanda kalatayo musavutike ndi ulendo.

Wolemba kalatayo anali mmodzi yekha, manija wa masukulu, mzungu wa ku mishoni. Kuno kuchigwa anali kutsika kamodzi pachaka, mitsinje ikaphwa, panjinga, atafiira ngati nkhanu yowotcha. Chaka chimenecho anati afika mu Meyi.

Ndinati, chabwino, aone yekha mmene hedi wake amagwirira akulu.

Pasukulu panali nyumba yatsopano ya njerwa yokhalamo mphunzitsi, anthu a m'midzi anamanga. Aphunzitsi aang'ono anali awiri. A Friday anaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi, ana asanu, mkazi wao Tryness. A Adam zaka zitatu chabe, ana awiri, koma mkazi wao Eneless ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinamuitana Eneless.

"Iwe, hedi si mlamu wako? Nyumba ya njerwa ilowe mlendo iwe uli pano, ukudontheredwa ngati nkhuku?"

"Ankhazi, ati ni ya a Friday."

"Ati ndani? Nyumba ndi ya amene wayamba kuikamo mafuwa. Mzungu akafika Lachitatu, iwe m'mawa kaike mafuwa ako, ukoleze moto. Tione amene adzazimitsa moto wa mkazi pamaso pa mlendo."

Eneless mutu wake ndi wopepuka, mwana wa mlongo wanga ndithu. Lachitatu anachita zomwezo. Ine ndinatenga lichero langa nkukakhala pansi pa mango, pooneka bwino, ngati ndikusankha mpunga.

Tryness atangoona utsi anabwera atamanga nsalu m'chiuno. Fuwa loyamba linatuluka pakhomo, lachiwiri pawindo. Lachitatu linali lotentha, analisiya.

"Zaka zitatu, wayamba kale kununkhiza njerwa? Amuna ako choko chikali kuwayetsemulitsa!"

"Nanga iwe, kubala ana asanu ndiye setifiketi?"

Anagwirana maduku. Ana a sukulu anathawa m'kalasi kudzaonerera, amuna ao awiri aja aimirira poteropo, wina akuyang'ana nsapato, wina akuyang'ana kumwamba. Nthawi yomweyo njinga ya mzungu inatulukira panjira ya ku Chama. Mpunga wanga sunakomepo chotero.

Ndinayembekeza kuti a Gordon akalipa, kapena agwada kwa mzungu kupepesa. Iyayi. Anamupatsa moni, anamuikira mpando pamthunzi, nati, "Pepani bwana, ndili ndi kamlandu. Mukhoza kumvera." Ana anawabweza m'kalasi. Ndiye anaitana Tryness yekha, Eneless anamuuza akadikire kuchitsime. Anamumvera mpaka mau anamuthera, osamudula, akulemba. Atatha anamuwerengera zimene ananena. "Ndalemba bwino, amake Jenny?" Tryness anavomera, mpweya watsika kale. Eneless naye chimodzimodzi.

Kenaka anatulutsa buku lalikulu la sukulu, lija amalembamo zochitika. Kani kale mu Febuluwale, nyumba isanafoleredwe, anakhala pansi ndi aphunzitsi onse awiri napangana kuti nyumba idzatsata zaka za nchito, zikafanana idzatsata ana. Onse awiri anasaina. A Adam kuopa mkazi, sanakanene kunyumba.

"A Adam, dzina ili ndi lanu?"

"Ndi langa, a hedi."

"Nyumba ndi ya a Friday. Koma alamu anga a Eneless ali ndi nkhani yoona. Denga lao linadontha mvula yonse, mwana anadwala chifuwa, ndipo ine ndinauzidwa kawiri osachitapo kanthu. Pamenepo wolakwa ndine. Udzu ukapsa mwezi wamawa, tiyamba ndi denga lao, ndalemba pano."

Eneless m'malo mokhala chete anayamba kulira. "Ine sindinafune, ni ankhazi anandituma." Chala chili kwa ine. Mwana wopanda chifuwa ngati uyo sindinamuonepo.

Manje tamverani. Kwathu mpongozi sayang'anana ndi amake a mkazi. Mukakumana panjira wina amalowa pathengo. Zaka zonsezo ine ndi a Gordon tinali kulankhulana kupyolera mwa Damaris, kapena wina kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti sangandiitane pabwalo. Ndinatola lichero nkupita kwanga.

Dzuwa litapendeka ndinamva a Gordon akukhosomola kuseri kwa nkhokwe yanga. Damaris anadza nakhala pakati, pomwe onse tinali kumuona.

"Uwauze amama kuti pamlandu uja ndamva anthu awiri. Watsala wachitatu."

"Uwauze kuti ine si mwana wa sukulu."

"Uwauze kuti nchifukwa chake ndabwera ndine, sindinawaitane."

Ndinayamba ndi zina. Ndinati kumigodi kuli Abemba, adzukulu anga adzaiwala kupereka moni. Ndinati munthu wa imvi kukakhala wophunzira pansi pa tianyamata, manyazi. Mapanga awiri avumbwitsa. Iwo chete, kungoti "Uwauze ndamva," kudikira. Munthu akakhala chete chotero umapezeka wanena zimene sunakonze. Ndinatchula amuna anga, a Donald Mvula. Ndinatchula makalata atatu aja.

A Gordon anasendera pafupi ndi nkhokwe. Kenaka analankhula okha, osadzera mwa Damaris, koyamba chikwatirire.

"Amama, makalata otere amafikira pa tebulo lomwe ndikufunalo. Mkazi akalemba kufunsa mwamuna wake, pamafunika munthu woti atsegule makadi, amuitane mwamunayo, amufunse. Ana amene ndinaphunzitsa ine, ambiri ali komweko. Ndimawaphunzitsa kuwerenga, akakwera lole, basi sindidziwanso. Ndatopa kuwaperekeza. Ndifuna ndikakhale kumene amafikira."

"Mau okoma. A Donald naonso anali ndi mau."

"Zoona. Ine ndinena zimene ndingathe. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi yoyesedwa, ndipita ndekha, Damaris ndi ana atsala ndi inu. Akandikhazika ndi kundipatsa nyumba, ndidzawatenga. Lena atsala, atsirize sukulu kuno. Livi ndidzathera kuno. Ndipo dzina la atate ndidzalifuna. Sindilonjeza kuwapeza."

Ndinangouza Damaris kuti awapatse mpunga wa m'lichero uja, unali wosankhasankha kale mokwanira.

Mzungu anagona masiku awiri. Damaris ati mzunguyo anakana poyamba, ati hedi wotere ndimupeza kuti kuchigwa kuno kwa ntchentche za kashembe, kumene aphunzitsi amathawa. A Gordon anamuuza kuti a Friday akhoza, ndipo temu ya notisi adzaithera kuwaonetsa mabuku. Mzungu anapukusa mutu, koma analemba. Ati analembamo za nyumba ija, kuti munthuyu anamva mbali zonse, sanakondere wachibale, ndipo kulakwa kwake anakuvomera pagulu. Ndiye kuti kalata imene ndinafuna kuipha ndinailemba ndine, ine wosadziwa ngakhale kugwira pensulo. Palibe anandithokoza.

Mu Juni anayenda pansi mpaka ku Lundazi, nakwera lole. Anabwerako patapita masabata atatu ataonda, ati anamufunsa azungu awiri, dokotala anamupima chifuwa. Yankho linadza ndi wamtengatenga mu Ogasiti. Pamenepo ndiye anapereka notisi, natsiriza temu, nanyamuka mitsinje isanadzaze. Chaka chinacho mvula itatha anadzatenga Damaris, monga ananenera. Damaris ati anthu mukomboni amadutsa tianyamata ta mu ofesi nkumafuna "mudala wa imvi uja". Imvi zomwe ndinali kuziseka.

Mwezi watha kalata ya a Gordon yabwera, Lena wandiwerengera. Pa mgodi wao dzina la amuna anga silinapezeke, ndiye analembera anzao a maofesi a migodi ina, mmodzi mmodzi. A Donald Mvula ali moyo. Ndi alonda pageti, mano atsala anayi, mkazi amene anawasunga anawathawa kalekale. A Gordon anapita kukawaona pa Sondo. Ati nkhalambayo inafunsa ngati ndikali wolongolola.

Eneless akuti ndiwaleke, za kale. Eneless adziwa chiyani? Lole ya ku Lundazi inyamuka Lachisanu, mpunga ndamanga kale, wa adzukulu thumba lalikulu, wa opanda mano uja kathumba kakang'ono, aziphika phala. Ndili ndi mau a zaka makumi awiri ndi mphambu, ndipo apongozi anga ati mu ofesi mwao munthu samudula pakamwa.