Mpira wa Nambala Seveni

Chaka cha 1994, Akhristu a tchalitchi china ku Golomoti anakonza mayere a njinga kuti afolere denga. Kale ankatola timapepala m'chipewa, koma anthu ankang'ung'udza kuti chala chimadziwa pepala lopindidwa mwapadera. Aphunzitsi anati kakyuleta yawo ikhoza kusankha nambala, koma palibe akanaona zochitika m'kati mwake. Choncho anabwereka chikhola chawaya chopukusa ndi dzanja, chokhala ndi timipira khumi, ziro mpaka naini. Mpira ukagwa pabowo, ankaubwezera n'kupukusanso, nambala ziwirizo n'kukhala tikiti yopambana.

Mboni zinali ziwiri, zosaloledwa kugula tikiti: Mayi Juliana Tomasi a m'tchalitchimo, ndi Mayi Mwanaisha, Msilamu wogulitsa mpunga. Loweruka, anthu atadzaza pabwalo, Juliana anayamba kuika timipira pasikelo yoyezera makalata. Mipira isanu ndi inayi inafanana. Wa seveni unalemera kuposa yonse.

Anauyang'anitsitsa. Pansi pa penti anazindikira kasemedwe ka mpeni wa mlongo wake Simeoni, wosema ziboliboli, amene ankasunga chikholacho. Anadziwanso kuti mkazi wa Simeoni anali ndi tikiti 77. Anthu akadzamva mawa, mlongo wake adzatchedwa wakuba mpaka kumanda.

Anapemphera chamumtima, kenaka analankhula mokweza.

“Achimwene, mpira uwu wachokera kuti?”

Simeoni anavula chipewa. “Weniweniwo unasweka, achemwali. Ndinasema wina kuti mwambo usalephereke.”

“Mwasema bwino, bambo,” anatero Mwanaisha, “koma mwaudyetsa kwambiri. Wonenepa amathamangira pansi, ndipo khomo lili pansi pomwepo.”

Ena anaseka, ena ayi. Kumbuyo wina, ponena za mkazi wa Simeoni, anati, “Seveni wake wa alamu.”

Juliana anapukusa kokwana makumi asanu anthu akuona, Mwanaisha akulemba mizere pabolodi. Mpira uliwonse unayenera kugwa kasanu kapena chapafupi, koma seveni anagwa kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Simeoni anangoti zyoli.

“Tikanapanda kuyeza, ndikanakhala wakuba osadziwa,” anatero. “Ndipatseni sabata.”

Anasema timipira khumi kuchokera ku mtengo umodzi wa mkalati, akupala uliwonse mpaka sikelo itavomera. Mboni zinayeza, zinapukusa moyesera, n'kutsekera timipirato m'bokosi. Zinamata pepala pachivindikiro ndi kusainapo, kiyi n'kupita kwa Mwanaisha. Tsiku limenelo Juliana anaona kuti mayiyo wamusiyira Simeoni kathumba ka mpunga pakhonde.

Loweruka lotsatira anaonetsa anthu pepala losang'ambika, anayezanso, kenaka anapukusa. Mpira woyamba unagwa. Mwanaisha anaukweza m'mwamba.

“Seveni.”

Juliana anatchera khutu kumbuyo kuja. Kunali zii. Anabwezera mpirawo, napukusanso. Unagwa wa nambala thuu, ndipo njinga inapita kwa mlimi wina wa ku Mtakataka, mwini tikiti 72.

Woyamba kuwomba m'manja anali Simeoni.