Njuchi Patsogolo, Moni Pambuyo

Vidiyo yoyamba ya uchi wa amalume Amock inaonedwa ndi anthu mazana anayi, koma ziwerengero pa foni zinasonyeza kuti ambiri anathawa masekondi khumi asanakwane. Amalume, mkulu wa mpingo ku Katowo, anali adakali pa moni: kwa abusa, kwa amayi a bungwe la Umanyano, kwa ana awo a ku Mzuzu.

"Amalume, masekondi makumi atatu oyamba ndiwo amagwira munthu," ndinatero. "Tiyambe ndi njuchi, ndipo munene msanga chimene aphunzire."

"Ndilankhule osapereka moni? Iwe Tionge, ku yunivesite anakuphunzitsa mwano?"

Anandipatsa mwayi umodzi wokha: vidiyo yachiwiri ikakanika, foni ibwerere m'thumba, ine ndikathandize kusankha fodya.

Ndinalemba mizere itatu pa katoni. Chithunzi choyamba chinali dzanja lawo likutulutsa chisa chodontha uchi, njuchi zili ng'waa. Kenako mawu: "Njuchi izi zinathawa mng'oma wanga kawiri. Ndikuonetsani cholakwa changa." Moni ndinauika pa sekondi ya makumi awiri ndi asanu, mawu anayi basi.

Lachitatu ndinathamangira kudimba, foni m'mwamba.

"Amalume! Asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse adutsa poyambira! Wina wa ku Bolero akufunsa mtengo wa botolo!"

Anapukuta manja, nayang'ana mzere wosonyeza oonera pa fonipo ngati akuumva.

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka. "Ndiye kuti moni wanga anaumva onsewo?"

"Onsewo."

"Bweretsa katoni ina. Ya mawa tiyambe ndi pamene zinandiluma pamphuno."